Malebulo Akachuluka, Sefa Imayamba Kunama

Gulu lililonse lolemba mapulogalamu a pa kompyuta limakhala ndi kaundula wa ntchito. Munthu akapeza vuto, kaya batani likukana kugwira ntchito kaya lisiti likutuluka ndi ndalama zolakwika, amatsegula tikiti m'kaundulamo n'kulemba zimene zachitika. Tikitiyo imakhala yotsegula mpaka wina atakonza vutolo n'kuitseka. Akaundula otere alipo ambiri. Bugzilla anatulutsidwa ndi a Mozilla mu 1998, Jira ndi wa kampani ya Atlassian ya ku Australia ndipo anayamba mu 2002, pomwe ena ali m'kati mwa GitHub ndi GitLab. Masiku ano ngakhale maofesi amene salemba mapulogalamu amawagwiritsa ntchito polondoloza madandaulo a makasitomala.

Matikiti akakhala 30, munthu amangowawerenga onse asanamalize kumwa tiyi. Akafika 900 sizitheka. Apa m'pamene aliyense amadalira sefa: umauza kaundula kuti akuonetse matikiti otsegula okha, okhudza malipiro okha, ena onse abisike. Koma sefa siwerenga nkhani ya m'tikiti n'kuimvetsa. Imangoyang'ana zizindikiro zimene anthu anamata pa tikitiyo, ndipo zizindikiro zazikulu ndi ziwiri. China ndi lebulo, kamawu kafupi komata pa tikiti. China ndi chigawo, chimene pa Jira ndi Bugzilla chimalembedwa kuti Component, ndipo chimanena mbali ya pulogalamu imene vutolo lili.

Choopsa chake n'chakuti sefa ikawonongeka silira. Simuona uthenga wofiira wokuchenjezani. Imakupatsanibe mndandanda wooneka bwino, wokhala ndi nambala pamwamba, inu n'kupita nawo ku msonkhano.

Matikiti 14 amene anali 40

Tiyerekeze gulu la anthu 6 limene likupanga pulogalamu ya m'masitolo, yogulitsira katundu, kulandira malipiro ndi kusindikiza malisiti. Akugwiritsa ntchito Jira. Chaka chatha, matikiti onse afika 900, ndipo 240 mwa iwo akadali otsegula. Mtsogoleri wa gulu akufunsidwa ndi bwana wake kuti mavuto a malipiro atsala angati, chifukwa pali sitolo yaikulu imene ikufuna kusaina mgwirizano. Iye akulemba mzere uwu m'bokosi lofufuzira:

```
project = SHOP AND labels = payment AND statusCategory != Done
```

Patuluka matikiti 14. Akuyankha kuti ndi 14, ndipo atha m'masabata awiri.

Zoona zake n'zakuti m'mwezi wachitatu munabwera mnyamata watsopano amene ankalemba `payments`, ndi s kumapeto, ndipo pali matikiti 9 otsegula a lebulo imeneyo. Mayi amene amayankha mafoni a makasitomala ankalemba `malipiro`, ndipo ake alipo 6. Palinso matikiti 11 a malipiro amene anatsegulidwa mothamanga, opanda lebulo iliyonse. Onse pamodzi ndi 40. Palibe amene ananama, palibenso amene anaphwanya lamulo, pakuti lamulolo kunalibe. Pa Jira, bokosi la Labels limalola aliyense amene angathe kusintha tikiti kulemba mawu alionse, ndipo mawuwo amasanduka lebulo nthawi yomweyo. Popeza lebulo ya pa Jira siikhala ndi mpata pakati pa mawu, wina amalemba `mobile-money`, wina `mobile_money`, wina `mobilemoney`, ndipo kwa kompyuta izi ndi zinthu zitatu zosadziwana.

Pali msampha wina umene umagwira ngakhale akatswiri. Mtsogoleri uja atafuna kuona ntchito zina zonse zosakhudza malipiro, angalembe `labels != payment` n'kuganiza kuti wapeza zotsalazo. Koma Jira saonetsa matikiti amene bokosi lawo la lebulo lili lopanda kanthu akafunsidwa motero. Ngati mwa matikiti 240 aja muli 70 opanda lebulo, sefa yoyamba ipereka 14, yachiwiri ipereka 156, ndipo kuphatikiza ziwirizi ndi 170. Matikiti 70 sakuoneka uku kapena uko. Kuti aoneke, mzerewo uyenera kuwatchula mwachindunji:

```
project = SHOP AND (labels != payment OR labels is EMPTY) AND statusCategory != Done
```

Apa m'pamene pagona nkhani yonse. Sefa imadalirika pokhapokha kusowa kwa lebulo kukakhala ndi tanthauzo limodzi. Tikiti yopanda `payment` iyenera kutanthauza kuti si ya malipiro. Ikamatanthauza kuti mwina si ya malipiro, mwina wolemba anaiwala, mwina anailemba m'chinenero china, ndiye kuti nambala iliyonse yotuluka mu sefayo ndi yongoganizira.

Funso kaye, lebulo pambuyo

Magulu ambiri amayamba ndi kufunsana kuti tipange malebulo ati. Ndi bwino kuyamba ndi kufunsa kuti Lolemba m'mawa timafuna kaundulayu atiyankhe chiyani. Mafunso ake amakhala ochepa kuposa mmene anthu amaganizira. Kodi ichi ndi cholakwika, chopempha chatsopano, kapena ntchito wamba? Chili mbali iti ya pulogalamu? Chikufunika msanga bwanji? Alipo amene wachiyang'ana kale? Funso lililonse likhale ndi banja lake la mayankho, mayankhowo akhale owerengeka, ndipo tikiti iliyonse itenge yankho limodzi m'banja lililonse.

GitHub amapereka malebulo angapo kwa aliyense amene wayamba kumene, monga awa: `bug`, `documentation`, `duplicate`, `enhancement`, `good first issue`, `help wanted`, `invalid`, `question` ndi `wontfix`. Ndi abwino poyambira, koma mukawayang'anitsitsa muona kuti akuyankha mafunso osiyanasiyana. `bug` ndi `enhancement` akunena mtundu wa tikiti. `duplicate` ndi `wontfix` akunena chifukwa chimene tikiti yatsekedwera. `help wanted` ndi kuitana anthu akunja. Onsewa aikidwa pa mzere umodzi ngati ndi ofanana, ndipo munthu wowonjezera lebulo ina saona chilichonse chomuuza kuti yakeyo igwere mbali iti. Chisokonezo chimayambira pomwepo.

Magulu akuluakulu amene amalemba mapulogalamu poyera anathana ndi zimenezi poika dzina la banja kutsogolo kwa lebulo. Amene amapanga chinenero cha kompyuta chotchedwa Rust amagwiritsa ntchito chilembo chimodzi. `C-bug` ikunena mtundu wa tikiti, `T-compiler` ikunena gulu loyenera kuiona, `P-high` ikunena kufunika kwake, `O-windows` ikunena makina amene akhudzidwa, ndipo `A-diagnostics` ikunena dera la ntchito. A Kubernetes amalemba mawu athunthu ndi kamzere kopendekeka: `kind/bug`, `sig/node`, `priority/important-soon`. Munthu akangolemba `kind/` m'bokosi losankhira lebulo, mayankho onse a banjalo amabwera pamodzi, ndipo sayesedwa kupeka latsopano.

A Rust ali ndi malebulo mazanamazana, koma kaundula wawo amasefekabe. Kuchuluka pakokha sindiko vuto. Ochuluka kwambiri ndi a banja la `A-`, amene ndi othandizira kufufuza ndipo tikiti ikhoza kukhala nawo angapo. Mabanja amene anthu amawerengera ntchito, monga la `P-`, ndi aang'ono: `P-low`, `P-medium`, `P-high`, `P-critical`. Kusiyanitsa kumeneku gulu laling'ono lingakutengere mosavuta. Pakhale mabanja otsekeka, amene mumapangira malipoti ndipo sawonjezeredwa popanda kukambirana. Pakhalenso malebulo omasuka, amene munthu angamate kuti adzapeze tikiti yake, koma aliyense adziwe kuti amenewo sawerengedwa pa msonkhano.

Banja lotsekeka liyenera kukhala lalifupi pa chifukwa chinanso chooneka ndi maso. Kufufuza kwa pa GitHub kumafuna dzina lathunthu la lebulo, ndipo simungauze sefa kuti ikupatseni matikiti opanda lebulo iliyonse yoyamba ndi `kind/`. Muyenera kutchula mmodzimmodzi:

```
is:issue is:open -label:kind/bug -label:kind/feature -label:kind/task
```

Mzere umenewu ukuonetsa matikiti otsegula amene sanapatsidwe mtundu. Ndi mayankho atatu ndi wosavuta kulemba. Banja likafika mayankho 15, palibe adzaulembe, ndipo matikiti oiwalidwa adzakhala osaoneka.

GitLab anapita patsogolo pang'ono. Kwa amene amalipira, lebulo yokhala ndi timadontho tinayi pakati, monga `priority::high`, imachotsa yokha mnzake wa banja lomwelo. Mukamata `priority::high` pa tikiti imene inali ndi `priority::low`, yakaleyo imachoka. Pa GitHub izi sizichitika zokha, ndiye tikiti ikhoza kukhala ndi zonse ziwiri n'kuwerengedwa kawiri. Pa Jira njira yake ndi kusagwiritsa ntchito bokosi la Labels pa mafunso ofunika, n'kupanga bokosi lina lokhala ndi mndandanda wosankhapo chimodzi, umene woyang'anira yekha ndiye angauwonjezere.

Pali zinthu zina zimene siziyenera kukhala lebulo ngakhale pang'ono, chifukwa kaundula ali nazo kale malo ake. Dzina la munthu lipite ku Assignee. Lebulo ya dzina la munthu imatsala iye atachoka ntchito, ndipo matikiti ake amaoneka ngati ali ndi mwini pamene ndi amasiye. Tsiku lotulutsa pulogalamu lipite ku Milestone pa GitHub kapena Fix versions pa Jira. Pamene ntchito yafika, kaya yayambika kaya ikuyesedwa, pali Status. Lebulo ya `in-progress` imamatidwa mokondwa tsiku loyamba, koma poitseka tikiti palibe amakumbukira kuichotsa, ndiye pakatha chaka muli ndi ntchito zambiri zotsekedwa zimene zikunenabe kuti zili m'kati. Ndipo `urgent` ndiye lebulo imene ine ndingailetse pa tsiku loyamba. Aliyense wotsegula tikiti amaona kuti yake ndi yachangu. Miyezi ikamapita theka la matikiti limakhala `urgent`, kenako kumabadwa `very-urgent`. Kufunika kwa tikiti aziika ndi amene akuona matikiti onse pamodzi, ndipo mlingo uliwonse ukhale ndi tanthauzo la zochita: wapamwamba utanthauze kuti wina asiye zimene akuchita lero, wachiwiri utanthauze kuti zichitike pulogalamu isanatulukenso.

Chigawo chimafuna mwini

Chigawo chimasiyana ndi lebulo pa mfundo imodzi yaikulu: chili ndi munthu kumbuyo kwake. Pa Bugzilla tikiti iliyonse imakhala m'chigawo chimodzi chokha, ndipo chigawo chilichonse chimakhala ndi amene amalandira matikiti ake. Pa Jira zigawo amapanga ndi woyang'anira ntchitoyo, osati aliyense, ndipo chigawo chikhoza kupatsidwa mtsogoleri amene matikiti atsopano amapita kwa iye okha. Zili ngati kaundula wa ku tchalitchi. Mkhristu akhoza kukhala wa kwaya, wa gulu la amayi, wa komiti ya zomangamanga, zonse nthawi imodzi, ndipo amenewo ndiwo malebulo. Koma mphakati wake ndi umodzi, ndipo akadwala aliyense amadziwa mtsogoleri woyenera kuuzidwa.

Jira amalola tikiti kukhala ndi zigawo zingapo, koma gulu lanzeru limadziikira lamulo la chimodzi. Tikiti ya zigawo ziwiri imakhala ndi eni awiri, ndipo aliyense amaganiza kuti mnzake ndiye akuiona.

Dzina la chigawo lichokere ku mbali ya pulogalamu imene idzakhalapobe chaka chamawa, osati ku mmene ofesi yagawikira lero. Magulu a antchito amaphatikizidwa, amagawidwa, amasinthidwa mayina, koma pulogalamu ya m'sitolo idzakhala ikulandirabe malipiro ndi kusindikiza malisiti. Chigawo chikatchedwa `Malipiro`, gulu likasintha mumangosintha mtsogoleri wake m'malo amodzi, matikiti onse osawakhudza. Chikatchedwa dzina la gulu, kusintha kulikonse kwa mu ofesi kumasanduka ntchito yosamutsa matikiti. A Rust ndi a Kubernetes ali ndi mabanja awiri osiyana, lina la gulu, lina la dera la ntchito, chifukwa anthu awo ndi ochuluka. Anthu 6 sakufunika zonsezo. Dzinalo likhalenso loti mayi woyankha mafoni uja alizindikire. Iye sadziwa mayina a mafoda a m'kati mwa pulogalamu, koma amadziwa kuti kasitomala akudandaula za lisiti. Ndipo kumene anthu amalankhula Chichewa n'kumalemba malipoti m'Chingelezi, gulu lisankhe chinenero chimodzi cha mayinawa n'kukhala nacho. Chilichonse mwa ziwirizi chimagwira ntchito, chosagwira ndi kuzisakaniza.

Funso lovuta limabwera pamene vuto likuonekera kwina koma gwero lake lili kwina. Lisiti likuonetsa ndalama zolakwika, koma cholakwa chili pa kawerengedwe ka msonkho mu gawo la malipiro. Wotsegula tikiti adzasankha `Malisiti`, ndipo sanalakwe, pakuti n'zimene waona. Lamulo losavuta ndi lakuti wotsegula asankhe kumene vuto laonekera, ndipo wofufuza akapeza gwero asamutsire tikitiyo kumene kukakonzedwe. Lamulo lina likhoza kugwiranso ntchito, bola likhale limodzi ndipo lilembedwe. Chigawo chilichonse chili ndi malo ofotokozera, ndipo chiganizo chimodzi chonena zimene zimalowa ndi zimene sizilowa chimathetsa mikangano yambiri: `Malisiti` ndi kaonekedwe ndi kasindikizidwe ka lisiti, kawerengedwe ka ndalama kapite ku `Malipiro`.

Nanga chigawo cha zina ndi zina? Aliyense amafuna kuchipanga, ndipo pakatha chaka chimakhala chachikulu kuposa zonse, chifukwa n'chimene munthu wotopa amasankha. Komabe munthu amene sakudziwa kopita ayenera kukhala ndi poponya tikiti yake, apo ayi adzangosankha chigawo choyamba pa mndandanda. A Firefox ali ndi chigawo chotchedwa `Untriaged` m'kaundula wawo wa Bugzilla, ndipo dzinalo likunena poyera kuti awa ndi malo odikirira, tikiti siyenera kugona pamenepo. Chigawo chotere ntchito yake ndi kukhuthulidwa.

A Kubernetes anaika mlonda pa khomo penipeni. Tikiti yatsopano imamatidwa yokha lebulo ya `needs-triage`, ndipo imachoka pamene munthu woyenera waiona n'kuika `triage/accepted`. Tikiti imene sinapatsidwe gulu imalandira `needs-sig`, ndipo munthu amaichotsa polemba lamulo monga `/sig node` pansi pa tikitiyo. Nzeru yake ndi yakuti kusowa kwa lebulo akusandutsa chinthu chooneka, choti n'kuchisefa ndi kuchiwerenga. Gulu laling'ono silifunika kapulogalamu kochita zimenezi. Pa GitHub, fomu yotsegulira tikiti ikhoza kumata yokha lebulo kudzera mu mzere umodzi wa fayilo yake:

```
labels: ["kind/bug", "needs-triage"]
```

Pa Jira, woyang'anira akhoza kulamula kuti tikiti isatseguke bokosi la chigawo lisanadzazidwe. Chotsala ndi munthu mmodzi, mosinthana sabata ndi sabata, woti azikhuthula malo odikirira aja. Popanda iye, zonse zimene takambazi ndi zokongoletsa chabe.

Kukonza kaundula amene wasokonekera kale

Tibwerere ku gulu lathu la pulogalamu ya m'masitolo, chifukwa ambiri amene amaganizira nkhaniyi amaiganizira chaka chitatha kale. Choyamba ndi kuwerenga. Atsitse matikiti onse 900 mu fayilo ya CSV, ayitsegule mu Excel, aone kuti lebulo iliyonse yagwira ntchito kangati. Tinene kuti apeza malebulo 85, ndipo 50 mwa iwo ali pa matikiti osaposa awiri. Amenewo safunika msonkhano. Otsala 35 awaike m'magulu malinga ndi funso limene akuyankha, ndipo adzapeza kuti ambiri akunena mbali ya pulogalamu, kutanthauza kuti anayenera kukhala zigawo kuyambira pachiyambi.

Akhazikitse zigawo 6, chilichonse ndi mwini wake ndi chiganizo chake chofotokozera: `Malipiro`, `Katundu`, `Malisiti`, `Malipoti`, `Kulowa` ndi `Netiweki`. Kenako asonkhanitse amapasa aja ndi mzere umodzi:

```
project = SHOP AND labels in (payment, payments, malipiro)
```

Jira ali ndi njira yosinthira matikiti ambiri nthawi imodzi, mpaka 1,000, ndiye onsewa apatsidwe chigawo cha `Malipiro` n'kuchotsedwa malebulo atatuwo. Wochita zimenezi azimitse kaye uthenga wa imelo pa kusinthako, kuti anzake asadzuke ndi mazana a makalata. Mzerewu mwadala sukusiya matikiti otsekedwa. Pa Jira lebulo ilibe nyumba yakeyake, imakhalapo malinga ngati pali tikiti imene yaisenza. Mukasiya `payments` pa tikiti imodzi yotsekedwa miyezi 8 yapitayo, idzapitiriza kubwera pa mndandanda wa zosankha munthu akayamba kulemba, ndipo tsiku lina wina adzaisankha.

Matikiti 70 otsegula opanda lebulo aja alibe njira yachidule. Anthu awiri akhale pansi masana amodzi, awerenge imodziimodzi, apereke chigawo. Mwa amenewo m'mene mutuluke 11 a malipiro amene palibe ankadziwa kuti alipo. Koma mwa otsekedwa 660, amene alibe chizindikiro chilichonse ine ndingawasiye. Kuwawerenga onse ndi ntchito ya masiku ambiri, ndipo phindu lake ndi lochepa. Chofunika ndi kulemba penapake poonekera tsiku limene ndondomeko yatsopano yayamba, kuti wina asadzayerekeze mavuto a malipiro a chaka chino ndi a chaka chatha n'kuganiza kuti zinthu zaipiraipira, pamene kungoti chaka chatha sankawerengedwa.

Ntchito ikatha pali mayeso osavuta, oti n'kuwabwereza miyezi itatu iliyonse. Werengani matikiti otsegula a chigawo chilichonse n'kuphatikiza. `Malipiro` 40, `Katundu` 62, `Malisiti` 35, `Malipoti` 48, `Kulowa` 21, `Netiweki` 34. Zonse ndi 240, ndipo matikiti otsegula ndi 240. Masamu akapereka nambala yochepera, pali matikiti opanda chigawo, ndipo `component is EMPTY` iwaonetsa. Akapereka yopitirira, pali matikiti amene ali m'zigawo ziwiri. Mayeso omwewa amagwira pa banja lililonse lotsekeka. Chimene masamuwa sangaone ndi tikiti imene ili ndi chigawo chimodzi koma cholakwika. Pa chimenecho, tengani matikiti 20 mwachisawawa, mupatse anthu awiri kuti aliyense payekha anene chigawo chake. Pamene asiyana kangapo pa zigawo ziwiri zomwezo, malire a zigawozo sanalembedwe bwino.

Gulu likamakula, chigawo china chidzafuna kugawidwa. `Katundu` ali ndi matikiti 62, koma kuchuluka kokha si chifukwa chokwanira. Chifukwa chenicheni chimabwera pamene anthu awiri osiyana ayamba kuyang'anira mbali ziwiri zake, wina kulandira katundu kuchokera kwa ogulitsa, wina kuwerengera wotsala pa shelefu, ndipo aliyense sabata ndi sabata akudumpha matikiti a mnzake kuti apeze ake. Pogawa, dzina lakale lichoke. Mukasiya `Katundu` pambali pa ana ake awiri, anthu adzapitiriza kulisankha chifukwa analizolowera, ndipo mudzakhala ndi zigawo zitatu zosadziwika malire. Jira amafunsa pochotsa chigawo ngati matikiti ake asamukire ku china, choncho ndi bwino kuyamba mwagawa otsegula ndi manja, otsalawo n'kuwasamutsa limodzi.

Kusintha dzina kuli ndi mbuna yakeyake. Pa GitHub, mukasintha dzina la lebulo matikiti onse amene anali nayo amasintha okha, ndipo zimaoneka ngati ntchito yatha. Koma mizere yofufuzira imene anthu anasunga ikadali ndi dzina lakale. Bwana amene amatsegula adiresi yomweyo m'mawa uliwonse adzaona kuti mavuto otsegula ndi 0, ndipo akhoza kusangalala kwa sabata yathunthu. Fayilo ya fomu ija nayonso imakhala ikutchulabe dzina lakale, ndipo lebulo imene kulibe GitHub saimata, amangotsegula tikitiyo yopanda kanthu osadandaula. N'chifukwa chake musanasinthe dzina muyenera kufufuza dzina lakalelo m'mafayilo a mu foda ya `.github`, m'masefa osungidwa ndi m'malangizo a antchito atsopano. Mukasintha, tsegulani tikiti yoyesera kudzera pa fomu iliyonse, muone ngati malebulo onse amatika, kenako muitseke.